Mbewu ya Mapira ndi Mphindi Khumi pa Boma

Ine khasu langa linali pakamwa. Zaka zimenezo ndinkagula nsomba zouma padooko la pa Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi ndi pamene mabwato a ku Zumbo amakocheza, n'kukazigulitsa kumlatho wa Luangwa kwa anthu a m'mabasi. Pogula, nsomba iliyonse inali yoonda, yamchenga, yosapsa ndi utsi. Pogulitsa, nsomba yomweyo inkakhala itanenepa m'njira. Asodzi ankati ndikamwalira adzandiika m'manda awiri, ena a thupi, ena a lilime. Ndinkaseka nawo, pakuti munthu amene akuseka sachedwa kutsitsa mtengo.

Koma kwathu kwenikweni sikumtsinje. Ndinabadwira kumtunda, cha kwa Mburuma, kumene mbuzi zimadya makungwa ndipo lole ikadutsa anthu amaikamba mpaka Sabata. Kumeneko kunatsala alongo anga aakulu, amene anandibereka kumsana amayi atamwalira. Chilala cha zaka za m'ma 1990 chinawapeza komweko. Tinadya chimanga chachikasu chachithandizo, n'kumati zapita. Sizinapite. Mvula inaphunzira mkhalidwe woipa: kubwera mochedwa, kugwa mwaukali masiku ochepa, kenaka kusowa chimanga chikamamasula ngayaye, dzuwa n'kutsala likuchiwotcha chili chiimire.

Chaka chimene ndikunenachi ndinapita kukawaona mwezi wa Okutobala, nditanyamula kathumba ka mitu ya nsomba zimene zinakana kugulika. Alamu anga anali atamwalira m'nyengo yozizira. Ndinapeza asisi atakhala pansi pa nkhokwe akusinja masau ouma, ana akudikira phala lake. Nditagogoda nkhokweyo inalira ngati ng'oma.

"Nanga mbewu ili kuti?" ndinafunsa, poti kudenga la kitchini kumene ankapachika ngala za mapira kunali mwaye wokha.

"Inapita ndi maliro," anatero asisi, osaleka kusinja. "Unafuna anthu okumba manda a alamu ako abwerere ndi njala? Iwe unabwera ndi nsomba zingati?"

Pamaliropo ndinabwera ndi nsomba zochepa ndi mawu ambiri.

Si asisi okha. Mudzi wonse unali utadya mbewu, wina chifukwa cha maliro, wina chifukwa mwana analira usiku wonse. Mvula inali pafupi, mitambo inkayamba kuunjikana masana cha ku Mozambiki, ndipo m'mudzi monse munalibe chobzala. Njala ya chaka chino munthu amaipirira ndi masau ndi malambe. Koma mvula ikagwa pamunda wopanda mbewu, ndiye kuti njala ya chaka chamawa yafika kale, ikungodikira pakhomo.

Tsiku lomwelo kunabwera alangizi a zaulimi panjinga yawo yopanda mabuleki. Anali mnyamata wa kumpoto, wolankhula Chibemba, munthu wabwino mtima amene dera lathu linamuondetsa ngati ife tomwe. Chinyanja ankachimva, koma akati alankhule pagulu chinkamuthawa, n'kutsala akutuluka thukuta. Anatiuza kuti pa boma padzakhala semina ya bungwe lina la ku Lusaka, yokambirana mmene alimi ang'onoang'ono angalimire mvula ikamavuta chonchi. Dera lililonse litumize mlimi mmodzi wokalankhula mphindi khumi, m'Chinyanja, akuonetsa zithunzi pakhoma. Ndipo bungwelo linali ndi mbewu ya mapira ocha msanga ndi khobwe, koma yosakwanira madera onse. Akamva onse, adzasankha kopita nayo.

Amuna a m'mudzimo anayang'anana, kenaka onse anayang'ana ine.

"Ine si mlimi," ndinatero.

"Tikudziwa," anatero mkulu wina. "Alimi tilipo ambiri, taona kumene watifikitsa ulimi. Tikufuna wabodza."

"Wamalonda," ndinawakonza.

"Eya, yemweyo."

Tinakakonzera nkhaniyo ku boma, m'kaofesi ka alangizi kamene kankanunkha mleme. Iwo anali ndi zithunzi zimene anajambula chaka chimenecho ndi kamera yobwereka, n'kuzitsukitsa ku Lusaka. Sizinali zithunzi zapapepala. Zinali timafilimu tating'ono m'timafelemu ta pulasitiki, masilaidi, toti uyang'anitse kudzuwa kuti uone chili mkatimo. Anandionetsa mmene amatilowetsera m'makina oonetsera zithunzi, chadodolido, kuti pakhoma tituluke chilili. Ndinati makina amenewa ndi anzanga, nawonso amadya potembenuza zinthu.

Anali atalemberatu zoti zinenedwe, m'Chizungu, masamba odzaza mbali zonse. Nditayesa kuziwerenga m'Chinyanja ndinamveka ngati munthu wowerenga chisamani cha kukhoti. Alangizi okha anagwira kumutu.

"Iyayi, mudala, musawerenge. Mukawerenga, anthu agona. M'holomo mudzakhala mdima ndi kutentha."

Ndiye tinang'amba katoni ya sopo n'kudula makadi, khadi limodzi chithunzi chimodzi. Pakhadi lililonse, anatero alangizi, pakhale mfundo imodzi yokha, mawu ochepa akuluakulu oti ndiwaone mumdima, ndi nambala pakona yofanana ndi ya chithunzi. Zotsalazo zichokere m'mutu. Zimenezo zinandikomera, chifukwa pamsika sindinanyamulepo pepala.

Makadiwo ndimawakumbukirabe, pakuti ndinagona nawo ndi kudzuka nawo. Loyamba linali la moni, ndipo alangizi analembapo pansi ndi dzanja lawo kuti MWACHIDULE, atamva ndikupereka ulemu kwa nduna za mafumu mmodzimmodzi mpaka kwa wosesa m'holo. Lachiwiri linali la chimanga chofota, mawu ake: MVULA YASINTHA, CHIMANGA CHOKHA SICHITIPULUMUTSA. Lachitatu la maenje: KUMBA MVULA ISANAGWE. Pamenepo ndinayenera kufotokoza kuti m'malo mogalauza munda wonse, umakumba timaenje m'mizere dzuwa likadali phwee, kuya ngati kuchoka kunsonga ya chala kufika pamfundo ya dzanja, n'kuthiramo manyowa a mbuzi, n'kubwezera dothi koma osadzaza, kuti madzi a mvula akhale m'dzenjemo m'malo mothamangira kukhwawa. Lachinayi: USATENTHE MAPESI, chifukwa ndiwo amaphimba nthaka kuti isaume msanga, ngakhale chiswe ndi mbuzi zimafuna gawo lawo. Lachisanu: MAPIRA OCHA MSANGA, KHOBWE PAKATI, ndi kuti usabzale ndi kamvula koyamba konyenga, dikira yonyowetsa nthaka ndithu, ndiponso usataye mbewu yonse tsiku limodzi.

Kenaka panali chithunzi chimene ndinachikonda koposa. Munali asisi anga, mwezi wa Malichi, ataima pakati pa kamunda kawo ka maenje kamene alangizi anawanyengerera kuti ayese. Mapira anali obiriwira, ngala zitawerama, pamene minda yoyandikana nayo inali yofiira ngati yapsa ndi moto. Asisi anali akuseka, masaya ali odzaza, chitenje chatsopano m'chiuno.

Pambuyo pake panali zithunzi ziwiri zoipa. China chinali kamunda komweko njovu zitadutsamo, theka lake litasanduka bwalo. China chinali nkhokwe ya asisi, chitseko chotsegula, mkati mopanda ngakhale mbewa. Khadi lomaliza linali la pempho.

Tinayesa alangizi atagwira wotchi. Nditafika pa mapesi anakweza dzanja kuti mphindi khumi zatha. Tinayesanso, ndikuthamanga ngati wolengeza mpira pawailesi, ndinafika pa njovu. Mphindi khumi, abale, ndi nthawi imene ine ndinkathera pongofunsa msodzi mmene ana adzukira ndisanaigwire n'komwe nsomba yake.

"Tichotsepo zina," anatero alangizi. "Wosunga nthawi adzakhala ndi belu. Sadzamvera chisoni munthu."

Ndinayala makadi pathebulo monga ndimayalira nsomba pamphasa, ndipo dzanja langa linapita lokha. Ndinachotsa njovu. Ndinachotsa nkhokwe.

"Mudala, nkhokwe mukuichotsa? Nanga adzadziwa bwanji kuti kuli njala?"

"Abwana, inu munaphunzira za nthaka, ine ndinaphunzira za anthu. Munaonapo ndani woika nsomba yofumbwa pamwamba pa dengu? Anthu awa ali ndi mbewu yochepa. Adzaipereka kwa amene akudziwa kuigwiritsa ntchito. Wogula umayamba wamukhumbiza, mtengo umatchula pomaliza, ndipo potchulapo usaoneke kuti kunyumba kulibe ufa. Akangoona njala m'maso mwako, wakudya."

Alangizi anakanda m'mutu, n'kunena kuti mwina ndikunena zoona. Anali mnyamata waulemu. Ndikanakonda akanakhala wamwano pang'ono.

Tsiku la semina asisi anabwera pa lole ya makala, atatumidwa ndi amayi a m'mudzi kuti adzamve ndi makutu awo. Anatsika ali bii, n'kukasamba kumtsinje, n'kudzakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo pakati pa amayi ena. Mazenera anali atatsekedwa ndi mabulangete kuti zithunzi zioneke, jenereta ikulira panja, ndipo mkatimo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Kutsogolo kunakhala nduna za mafumu, akuluakulu a pa boma, ndi mayi wina wa ku bungwe lija, wamagalasi, amene aliyense ankamutchula kuti madamu. Iyeyo ndiye anali mwini mbewu. Pambali pake panali bambo wa belu, belu la kusukulu lenileni.

Woyamba kulankhula anali wa ku Kavalamanja, ndipo nditamuona ndinatsala pang'ono kuseka mokweza. Anali msodzi amene ndinkalimbana naye padooko sabata ndi sabata, munthu wa maukonde ake ndi dimba la m'mbali mwa Zambezi lobiriwira chaka chonse. Tsikulo anavala malaya ong'ambika paphewa amene sindinawaonepo. Podutsa pamene ndinakhala anandinong'oneza.

"Wakuba, wabwera kudzagula chiyani kuno?"

"Ndabwera kudzaona maliro a malaya ako. Wawabwereka kwa ndani?"

"Khala chete uphunzire."

Analibe makadi. Zithunzi anali nazo zochepa, ndipo chimodzi chinatuluka chadodolido, iye osasamala. Anangoima n'kuyamba kudandaula. Mvuu zadya dimba. Madzi atsika, nsomba zathawira ku Mozambiki. Ana akudya zikhawo za m'madzi. Za kalimidwe ananenapo mawu awiri okha, kuti akanakhala ndi mbewu akanayesa. Belu lisanalire anali atakhala kale pansi, akupukuta m'maso ndi malaya aja. Ndinati mumtima, munthu uyu wagulitsa nsomba yake pamtengo wa mitu.

Anadutsa enanso awiri, onse olira. Kenaka anaitana dera lathu.

Ndisaname, ndinalankhula bwino tsiku limenelo. Sindinalankhulepo chotero kale, ngakhale pofunsira mkazi. Moni ndinaudula pakati, nduna zina n'kundiyang'ana ndi diso lofiira. Alangizi anali pamakina, ndikagogoda pathebulo iwo n'kusintha chithunzi. Makadi ankatsetsereka m'manja mwanga chifukwa cha thukuta, koma sindinawafune kwenikweni. Pa maenje ndinagwada pansi n'kuonetsa kuya kwake ndi dzanja langa pasimenti. Ndinati mvula ya masiku ano ili ngati mlendo wothamanga, ukapanda kumuikira mpando amangopereka moni ali chiimire n'kupita, ndiye dzenjelo ndiwo mpando wake. Anthu anaseka. Pa mapesi wina anakuwa kumbuyo kuti nanga mbewa tizisaka bwanji osatentha, ine ndinati mbewa imodzi ingadyetse ana ako masiku angati, holo yonse n'kuwomba m'manja. Madamu ankalemba mofulumira, akugwedeza mutu.

Ndiye chinabwera chithunzi cha asisi, chachikulu ngati chitseko, mapira obiriwira mpaka kudenga. M'holo munamveka kuti "Hii!" Ndinachisiya pakhomapo nthawi yaitali, monga umasiyira nsomba yaikulu m'manja mwa wogula kuti aimve kulemera. Ndinati uyu ndi mayi wa kwathu, chaka chomwe chino cha chilala, munda womwewu umene anzake anakolola fumbi. Sindinanene za njovu. Sindinanene za maliro.

Nditatembenuza khadi lomaliza, bambo uja anali atakweza kale belu. Ndinaimika chifuwa n'kunena mosapupuluma, ngati munthu amene wadya m'mawa, kuti anthu a kwathu njira aidziwa, ndipo mbewu itapezeka angachite zoposa apa. Belu linalira. Anawomba m'manja mpaka mabulangete kugwedezeka. Pokhala pansi ndinamuyang'ana msodzi uja, iye n'kundigwedezera mutu mwachisoni. Ndinayesa ndi nsanje.

Atadya masana, akuluakulu anatsekeredwa m'holo okhaokha, ife tili pansi pa mtengo panja. Atatiitana, madamu anaimirira n'kuthokoza onse. Anati mbewu ndi yochepa, choncho agwirizana kuti ipite kumene zinthu zafika poipa kwambiri. Anatchula Kavalamanja. Anatchula madera ena awiri aja. Kenaka anandiyang'ana ine akumwetulira, n'kunena kuti dera lathu lawasangalatsa koposa, ndi chitsanzo kwa onse, anthu amene aima kale pa miyendo yawo, ndipo chaka chamawa adzatumiza alimi a madera ena kuti adzaphunzire kwa ife.

Anawombanso m'manja. Ine ndinawomba nawo, manja okha, chifukwa mutu unali usanamve. Alangizi anali atagwira chingwe cha makina ngati akufuna kudzimangirira nacho.

Panja asisi anandipeza ndisanawapeze.

"Wagula chiyani?" anafunsa motsitsa mawu. Akakwiya sakweza mawu.

"Asisi, dikirani, malonda sanathe."

"Ndikukufunsa. Ndikauze chiyani amayi aja? Kuti tidzabzala m'manja mowomba?"

"Ndinkafuna atione kuti ndife anthu odziwa ntchito."

"Atiwona. Mudzi wonse unakutuma kuti ukalire, iwe wakavina."

Msodzi uja anadutsa pafupi, malaya ong'ambika atawakoleka paphewa, mkati atavala ena abwinobwino.

"Wakuba," anatero, koma mosaseka, "pano sipogulitsa. Pano m'pogula. Ukanainyoza nsomba yako monga umanyozera zanga."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya nsomba ija ya nkhonokono. Luso ndinali nalo lonse, mbali zonse ziwiri, koma ndinatulutsa mbali yolakwika.

Madamu anali pagalimoto yawo akulongedza mapepala, dalaivala atayatsa kale injini. Ndinawagwira asisi padzanja n'kuwakoka. Dzanjalo linali lopepuka ngati bango.

"Madamu, pepani, mphindi imodzi yokha."

"Aa, bambo a maenje! Mwalankhula bwino kwambiri."

"Ndalankhula bwino mopitirira, madamu. Mayi amene munamuona pakhoma uja, mungamudziwe mutakumana naye?"

"Mayi wosekerera uja? Kwambiri. Mukamupatse moni wanga."

"Mupatseni nokha. Ndi uyu."

Madamu anayang'ana asisi, n'kuyang'ana ine, kuona ngati ndikuchita nthabwala. Anavula magalasi. Asisi anali ataima chilili, chitenje chomwe chija cha pachithunzi chitazungulira m'chiuno kawiri, mafupa a m'khosi ali poyera. Ndinayamba kuwaonetsa ngati katundu, ndikuloza mikono, ndikuloza masaya, mpaka asisi anandimenya dzanja.

"Ndisiye, ndine nsomba ine?" Kenaka anatembenukira kwa madamu n'kugwada pang'ono. "Amayi, mapira aja analipodi. Njovu zinadya theka. Otsalawo tinadya ndi ana, mbewu n'kuphikira anthu pamaliro a amuna anga. M'mudzi mwathu mulibe nyumba imene ili ndi mbewu. Mlongo wangayu sananame, wangosiya zina."

Alangizi anafika akuthamanga ndi timasilaidi tiwiri tija, n'kuwapatsa madamu kuti ayang'anitse kudzuwa. Anayang'ana nkhokwe ija nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina.

"Bwanji simunaonetse izi?"

"Mphindi khumi, madamu," anatero alangizi, pofuna kundiphimba.

Madamu anapuma mozama. Anati zimene zalengezedwa pamaso pa nduna za mafumu sangazibweze, ndipo akachotsa thumba limodzi ku Kavalamanja mawa kudzakhala mlandu pa boma. Mbewu yonse yagawidwa. Chotsala ndi kathumba kamodzi ka mapira kamene anasungira munda wachitsanzo, poonetsera alendo.

Apo ndiye ndinadzuka. Munthu akati palibe, kenaka n'kuti kupatula, ndiye kuti malonda ayamba.

"Chitsanzo mwanena nokha kuti ndi ife, madamu. Alimi amene mudzawatumize chaka chamawa adzaona chiyani? Maenje opanda kanthu? Manyazi adzakhala a ndani?"

"Kathumbako ndi ka munda umodzi, bambo, osati mudzi."

"Ikanipo tiwiri."

"Kalipo kamodzi."

"Nanga khobwe? Ndanena ndekha pakhoma kuti khobwe pakati. Munda wachitsanzo wopanda khobwe udzanditsutsa."

"Khobwe watha."

Ndiye ndinachita chimene chinkandigwirira ntchito padooko moyo wanga wonse. Ndinapukusa mutu, n'kunena kuti ngati zili choncho basi, sungani, n'kutembenuka kumapita pang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo kudikira kuti andiitane. Msodzi amakuitana usanafike patali, chifukwa nsomba yake ikuwola. Koma mbewu siwola, ndipo madamu sanali msodzi. Ndinamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa. Ndinamva giya ikulowa.

Ndinathamanga, abale. Ine amene sindinathamangirepo wogulitsa chibadwire, ndinathamangira galimoto ija pamaso pa boma lonse, patapata mmodzi n'kutsala m'fumbi, ndikumenya pagalasi ndi chikhatho.

"Kamodzi komweko, madamu! Kamodzi komweko tipatseni!"

Anaimitsa. Dalaivala anatsika akuseka n'kutsitsa kathumbako, kakang'ono koti mwana wasukulu anganyamule pamutu. Madamu anafufuza kumbuyo n'kupeza khobwe wotsalira pansi pa thumba lina lobooka, wosakwana ndowa yaing'ono, n'kutithirira mu chitenje cha asisi. Anati mbewuyo ndi yothira mankhwala, tisayese kudya, ndipo alangizi aonetsetse kuti yabzalidwa pamunda umodzi, m'mbali mwa njira. Tinavomera zonse. Akanati tibzale padenga tikanavomera.

Lole ya makala inabwerera m'mawa mwake, ndipo ine ndinakwera nawo, nsomba zanga ndinasiyira mkazi wanga. Asisi anakhala pa kathumbako njira yonse osandilankhula. Titatsika pamphambano n'kuyamba kuyenda pansi, anandisenzetsa.

Mbiri inali itafika kale, sindidziwa inadzera kuti. Pakhomo pa asisi tinapeza amayi atakhala mzere m'mbali mwa nkhokwe, aliyense ndi kapu kapena kambale m'manja. Palibe amene anapempha. Anangotipatsa moni wa ulendo, maso ali pa kathumba.

"Asisi," ndinanong'ona, "madamu anati munda umodzi."

"Madamu akakhala ndi maliro adzawakumbira manda ndani? Anthu awa anadya mbewu yanga, inde, koma ndiwo anandiikira mwamuna. Masula."

Ndinamasula. Mbewuyo inali yofiirira ndi mankhwala, ndipo asisi anayamba ndi kuchenjeza aliyense kuti aibise kutali ndi ana ndi nkhuku. Ankatunga ndi kapu yatiyi, osadzaza, n'kuwonjezera khobwe wa m'chikhatho. Mzere unali wautali kuposa kathumba. Chakumapeto kapu inasanduka theka, theka linasanduka chikhatho, ndipo amayi awiri omalizira asisi anawatapira pa gawo lawo lomwe. Alangizi atabwera n'kumva zimene zachitika anakhala pa mtondo n'kuyang'ana pansi. Kenaka anavula shati n'kupempha khasu.

Masabata otsatirawo tinakumba maenje. Nthaka ya Novembala kwathu ndi yolimba ngati msewu, khasu likamenya limabwerera n'kukugwedeza mpaka m'mano. Manja anga, amene ankadziwa kugwira nsomba ndi kuloza, anatuluka matuza tsiku loyamba, n'kuphulika lachiwiri. Amuna a m'mudzi ankadutsa dala kuti adzaone.

"Kuya kwake n'komweko, aphunzitsi? Pasimenti paja munkakumba msanga!"

Asisi anati tikumbe munda wonse, mpaka kumalire, ngakhale tonse tinkadziwa kukula kwa mbewu imene inatsala m'kambale kawo. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati mwina wina wa ku Kavalamanja adzagulitsa yake, popeza msodzi sadya mapira, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndikaitenge. Ndinapitadi kawiri, wapansi mpaka pamsewu. Ulendo woyamba ndinapeza mbewu isanafike kumeneko. Wachiwiri ndinapeza itagawidwa, ndipo msodzi uja anandionetsa yake, yosadzaza n'chipewa chomwe. Kumeneko nakonso mizere inali yaitali. Njala yake inali yeniyeni, malaya okha ndiwo anali abodza.

Kamvula koyamba kanagwa, kongonunkhiritsa fumbi, ndipo asisi anayenda khomo ndi khomo kuletsa anthu kuti asabzale. Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa kukumba. Kenaka inagwa yeniyeni, usana wonse, makwawa n'kuyamba kulira. M'mawa mwake tinalowa m'munda, asisi patsogolo ndi kambale, ine pambuyo ndikukwirira. Ankatsina timbewu ndi nsonga za zala, mosamala ngati mchere wobwereka, ndipo kamodzi kakagwera pambali ankawerama n'kukatola m'matope.

Dzuwa lisanafike pamutu kambale kanayera. Asisi anakagogoda pakhasu, n'kuyang'anamo, n'kukagogodanso. Tinali tisanafike ngakhale pakati pa munda. Kutsogolo kwathu mizere ya maenje inapitirira mpaka kumalire, manyowa ali m'kati, dzenje lililonse litasunga madzi ake bwinobwino monga ndinanenera pa boma.

Asisi anayang'ana mizereyo, kenaka anandipatsa kambale kaja.

"Pita kwa amayi aja tinawagawira mbewu, a kuseri kwa chulu, ukaone ngati atsalako ndi kambewu. Ukafike ngati wopempha. Ukagwade."

Ndinapita.